Ndemanga: OCRmyPDF pa zikalata zosikana za m'Chichewa

OCRmyPDF ndi pulogalamu yaulere, imagwira ntchito pakompyuta yanu popanda intaneti, ndipo pa zikalata zotayipa kapena zosindikiza imachitadi zomwe imalonjeza. Mumaipatsa PDF yomwe ili zithunzi zokhazokha za masamba, iyo n'kukubwezerani PDF yooneka chimodzimodzi koma yoti mutha kusakamo mawu ndi Ctrl+F komanso kukopera ndime. Ndikuipatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Yachisanuyo yatsalira pa Chichewa, chifukwa pa chinenero chathu pulogalamuyi imafuna kuigwira dzanja.

Poyamba timvetsetsane pa zomwe imachita. Sikana siiwerenga kanthu, imangojambula tsamba. Chomwe chimawerenga ndi Tesseract, pulogalamu ya OCR, kutanthauza yozindikira zilembo pa chithunzi, yomwe inayambira ku Hewlett-Packard m'zaka za m'ma 1980 ndipo inatsegulidwa kwa aliyense mu 2005. OCRmyPDF imatenga tsamba lililonse, kulipereka kwa Tesseract, kenako n'kuyala mawu omwe atuluka pa chithunzi chija, liwu lililonse pamalo pake, koma mosaoneka ndi maso. Choncho zomwe mukuona pakompyuta ndi chithunzi, pomwe zomwe mukusaka kapena kukopera ndi zomwe Tesseract waganiza kuti zalembedwa. Ziwirizi zikhoza kusiyana inu osadziwa, ndipo mavuto ambiri a OCR amabisala pomwepa.

Titenge chitsanzo cha kabuku ka masamba 40 ka malamulo a kopaletivi ya alimi, ka A4, kolembedwa m'Chichewa, komwe katsala ndi fotokope yokha. Ntchito yaikulu imathera pa sikana, pulogalamu isanayambe n'komwe. Sankhani 300 dpi, kutanthauza madontho 300 pa inchi iliyonse. Pa muyeso umenewu tsamba la A4 limakhala ndi mapikiselo 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali, ndipo chilembo chaching'ono ngati a kapena e cha saizi 10 chimatalika mapikiselo pafupifupi 20, omwe ndi okwanira bwino. Mukatsitsa kufika pa 150 dpi, chilembo chomwecho chimatsala ndi mapikiselo pafupifupi 10, ndipo apa Tesseract amayamba kuphonya kwambiri: kabowo ka e kamatsekeka kapena kamzere kake kamasowa, e n'kusanduka c kapena o. Kukwera kufika pa 600 dpi kumathandiza pa tizilembo ta m'munsi mwa tsamba, koma pa zilembo wamba kumangonenepetsa fayilo ndi kuchedwetsa ntchito.

Pa fotokope yofuwa sankhani Grayscale, osati Black & White. Njira yachiwiriyi imakakamiza kadontho kalikonse kukhala koyera kapena kwakuda, ndiye timizere topyapyala ta zilembo timaduka. Chilembo m chikaduka pamwamba chimawerengedwa ngati rn, ndipo Chichewa chadzaza ndi m: "mlimi" amatuluka "rnlimi", ndiye mukasaka "mlimi" liwulo silipezeka pomwe maso anu akuliona. Ngati pepala ndi lopyapyala moti zolemba za kuseri zikuonekera, ikani pepala lakuda kumbuyo kwa tsamba posikana, mthunzi wa zakuserizo umachepa kwambiri. Masitepulo achotseni kuti tsamba ligone bwinobwino pagalasi, chifukwa mizere yopindika pafupi ndi msana wa buku pulogalamuyi siingaiwongole. Ngati masambawo wina akukujambulirani ndi foni, mupempheni atumize pa WhatsApp ngati Document. Akatumiza ngati chithunzi wamba chimafinyidwa, ndipo mapikiselo otayika sabwerera.

Pa Ubuntu kapena Debian kuika pulogalamuyi ndi kuiyendetsa kuli motere:

```
sudo apt install ocrmypdf tesseract-ocr-script-latn
tesseract --list-langs
ocrmypdf -l Latin --rotate-pages --deskew --sidecar mawu.txt kabuku.pdf kabuku_ocr.pdf
```

`--rotate-pages` imatembenuza masamba omwe analowa chadodolido kapena cham'mbali. `--deskew` imawongola tsamba lomwe langopendekeka pang'ono, monga zimachitikira pepala likalowa mokhota m'sikana. Ndi ntchito ziwiri zosiyana, ina siilowa m'malo mwa inzake. `--sidecar` imalemba mawu onse owerengedwa m'fayilo yapadera ya mawu.txt, ndipo ndikulimbikitsa kuti musaisiye, chifukwa ndi m'menemo momwe mumaona ndi maso zomwe zabisika mu PDF.

Tsopano nkhani ya `-l`, yomwe ndi yosankhira chinenero. Tesseract ali ndi mafayilo a zinenero zoposa 100, koma la Chichewa palibe. Mukapanda kusankha, amagwiritsa ntchito la Chingerezi, `eng`. Limawerenga ndithu, popeza zilembo zathu ndi zomwezo, koma linaphunzitsidwa pa mawu a Chingerezi, ndiye chilembo chikakhala chosaoneka bwino limakokera ku zomwe linazolowera. Silidziwanso ŵ. "Malaŵi" ndi "kuŵerenga" amatuluka ndi w wamba zikayenda bwino, apo ayi ndi chizindikiro china chachilendo.

Njira zabwinopo ndi ziwiri. Yoyamba ndi `swa`, fayilo la Chiswahili, lomwe mumaika ndi `tesseract-ocr-swa`. Mawu a Chiswahili amamangidwa mofanana ndi athu, amathera pa a, e, i, o kapena u, ali ndi mb, nd, ny, mw, ngakhalenso ng' wa mu "ng'ombe", koma ŵ alibe. Yachiwiri ndi `Latin`, lomwe silinamangidwe pa chinenero chimodzi koma pa zinenero zambiri zolembedwa ndi zilembo zachilatini, kuphatikizapo Chiwelishi cha ku Britain chomwe chimagwiritsanso ntchito ŵ. Fayiloli ndi lalikulu ndipo limachedwerapo, koma pa buku lomwe lili ndi ŵ ndi lomwe ndingayambire. Onani dzina lake pa mndandanda womwe `--list-langs` yatulutsa, chifukwa pa makompyuta ena limalembedwa `script/Latin`. Musanayendetse masamba onse 40, yesani zonse ziwiri pa masamba atatu okha powonjezera `--pages 1-3` ndi kusintha dzina la fayilo ya `--sidecar` ulendo wachiwiri, n'kuyerekeza mafayilo a mawu. Komabe kutaya ŵ si tsoka nthawi zonse. Ambiri masiku ano amalemba "Malawi" ndi w wamba, ndiye ngati cholinga ndi kusaka chabe, w wambayo amapezeka mosavuta. ŵ amafunika pamene mukukopera mawu kuti muwasindikizenso monga analembedwera.

Kachizindikiro ka mu m'mudzi, n'kofunika ndi pang'ono ndi kamene kamasokoneza anthu ambiri posaka. Tesseract nthawi zina amakalemba kowongoka ngati ka pa kiyibodi, nthawi zina kopindika ngati ka m'mabuku, nthawi zina amakasiya. Mapulogalamu ena owerengera PDF amaona tiwiri toyambato ngati zilembo zosiyana. Mukasaka "m'mudzi" osapeza, musafulumire kunena kuti liwulo mulibe. Sakani "mudzi" yekha. Pa zikalata zakale kumbukiraninso kalembedwe ka nthawi imeneyo: "nchito" m'malo mwa "ntchito", ndi "cakudya" m'malo mwa "chakudya" monga amalemberabe ku Zambia. Apo pulogalamu siinalakwe, yawerenga zomwe zilipo.

Chichewa chili ndi mwayi umodzi pofufuza zolakwika. Mawu athu amathera pa a, e, i, o kapena u, ndiye liwu lothera pa chilembo china ndi lokayikitsa. Lamulo ili limawasonkhanitsa onse:

```
grep -oiE "\b[a-z]+[b-df-hj-np-tv-z]\b" mawu.txt | sort | uniq -c | sort -rn
```

Pa mndandandawo mupezamo mayina, mawu a Chingerezi ndi zidutswa ngati "pang" wa mu pang'ono, zomwe mungozidumpha. Koma mukaona "aliml" kapena "ndalam", mwapeza pomwe i wawerengedwa ngati l kapena chilembo chomaliza chadyedwa. Sakaninso rn, q ndi x mu mawu.txt, popeza m'mawu a Chichewa mulibe zimenezi. Zolakwika zikaunjikana pa tsamba limodzi, vuto ndi tsambalo, ndipo kulisikananso n'kwachangu kuposa kukonza liwu limodzilimodzi. Zikamwazikana m'buku lonse, bwererani ku dpi kapena ku chinenero chomwe munasankha.

Manambala ndiye amafuna maso a munthu. Liwu lolakwika limadziulula lokha, koma nambala yolakwika imaoneka yabwinobwino. Ngati kabuku kaja kakunena kuti chindapusa ndi K10,000, mawu obisikawo akhoza kukhala KlO,OOO, okhala ndi zilembo l ndi O m'malo mwa 1 ndi 0, kapena 8 wa pa fotokope yofuwa n'kusanduka 3. Ndalama, madeti ndi manambala a ndime zomwe mwakopera, ziyerekezeni ndi chithunzi chimodzichimodzi. Matebulo nawo ndi ofooka: mawu ake amapezeka posaka, koma mukakopera, mizere ndi magawo zimasakanikirana, dzina la membala n'kusiyana ndi ndalama zake. Zolemba pamanja, monga mayina osayina kumapeto kwa kabuku kapena mawu owonjezera ndi cholembera m'mphepete, iwalani, Tesseract sanapangidwire zimenezo. Chidindo chogwera pa mawu chimawononganso mzere womwe chakhudza.

Uthenga womwe mudzakumane nawo kawirikawiri ndi wakuti `page already has text`, pulogalamu n'kuima. Zimachitika PDF ikakhala kale ndi mawu ena, mwina chifukwa pulogalamu ya sikana inachita OCR yakeyake, kapena wina anawonjezera manambala a masamba pakompyuta. Pali njira zitatu, ndipo kusankha molakwika kumawononga. `--skip-text` imadumpha tsamba lililonse lomwe lili ndi mawu, ngakhale atakhala nambala ya tsamba yokha, moti mutha kulandira fayilo yomwe sinawerengedwe konse. `--redo-ocr` imachotsa OCR yakale n'kuika yatsopano, ndipo ndi yoyenera pamene pulogalamu ya sikana inawerenga Chichewa chanu moipa, koma siyendera limodzi ndi `--deskew`. `--force-ocr` imasandutsa tsamba lonse chithunzi n'kuyambiranso, ngakhale mawu omwe anali abwino kale, ndipo fayilo ikhoza kukula. Imeneyi ikhale yomaliza kuyesa. Mulimonsemo, sungani PDF yoyambirira ndipo yotuluka muipatse dzina lina.

Chomwe chingabweze ena m'mbuyo n'chakuti pulogalamuyi ilibe mabatani, zonse ndi zotayipa, ndipo kuiika pa Windows kumafuna kuleza mtima kuposa pa Linux. Amene akufuna mabatani ayese NAPS2, yomwenso ndi yaulere ndipo imawerenga ndi Tesseract yemweyo, choncho zonse zanenedwa pa dpi ndi kusowa kwa fayilo la Chichewa zimakhudzanso iyo. Koma kwa ofesi, sukulu kapena mpingo womwe uli ndi mafayilo ambiri osikana, OCRmyPDF ndi yomwe ndingasankhe. Lamulo limodzi lomwelo limabwerezedwa pa fayilo iliyonse, masamba angapo amawerengedwa nthawi imodzi malinga ndi mphamvu ya kompyuta, palibe bandulo yomwe ikutha, ndipo zikalata zokhala ndi mayina ndi ndalama za anthu sizichoka m'kompyuta yanu kupita pa webusayiti ya munthu wosamudziwa.