Makoma amawongola ndithu, koma mawu oti "kumaliza" amawamva mwina

Mmisiri ameneyu anandipezera ndi alamu anga, n'chifukwa chake sitinalembe kalikonse. Tinangokhala pamthunzi pa puloti yanga ku Kamwendo, nditangogulitsa soya ndi mtedza, n'kugwirizana K1,600,000 kuti amange nyumba ya zipinda zitatu "mpaka ithe". Zipangizo zanga, manja ake.

Tsiku limene anamaliza magebulo, ndinangoona akutsuka zida, anyamata ake akumanga katundu panjinga. Akuti, "Bwana, ntchito yatha, mundipatse K300,000 yotsala ija." Ndinayang'ana nyumbayo: njerwa zili pamtunda, pansi pali dothi lokhalokha, khonde palibe. Ndinati, "Achimwene, nyumba yatha pati?" Anandiyankha osaphethira n'komwe kuti kumanga kumathera pa gebulo, denga ndi la kalipentala, pulasitala ndi simenti yapansi zili ndi mtengo wake. Za denga ndinkadziwa, koma pulasitala? Tinakangana mpaka alamu anabwera, nawonso n'kusowa chonena poti tsiku lija mawu oti pulasitala palibe anawatchula. Ine "kutha" ndinkamva kuti ndilowe ndigone, iye ankamva kuti makoma afike pamwamba. Ndinaonjezera K550,000 mtima ukuwawa. Ngakhale amayi otunga madzi kumjigo, amene ndinkayesa kuti ali mumtengo womwewo, ndinawalipira ndine.

Pa pulasitala mpamene wandikhumudwitsa kwambiri. Anapaka m'kati mokha, akuti kunja sitinakambe. Anandiuza kuti matumba 18 a simenti akwana, osayeza n'komwe makoma. Ataona kuti ikuchepa sanandiuze, anangoyamba kuthira mawilibala asanu a mchenga pa thumba limodzi, pomwe pabalaza ankathira atatu. Kusiyana kwake kukuoneka: pabalaza ukakanda ndi msomali umangosiya kamzere, koma kuchipinda cha ana ukangopukuta ndi dzanja mchenga umayoyoka. Kuthirira khoma kuti simenti igwire anathirira masiku awiri okha, akuti imeneyo ndi ntchito ya mwini nyumba. Pano m'mphepete mwa mawindo mwayamba kale ming'alu.

Chilungamo chake, njerwa amaziyala bwino munthuyu. Kalipentala atabwera anakoka chingwe kuchoka pa kona kufika pa kona, n'kunena kuti nyumba yoongoka chonchi sakumana nayo kawirikawiri. Simenti sanabe ngakhale thumba limodzi, ndinkawerenga mapepala ake madzulo alionse. Ndipo ndikuvomera kuti ndikanafunsa tsiku loyamba kuti ndalamayo ikuthera pati, akanandiuza.

Komabe iye ndiye wamanga nyumba zambiri, ankadziwa kuti ine ndikumva zina ndipo anangokhala chete mpaka ndalama zitalowa m'thumba. Chimenecho sindinachiiwale. Pa mpanda ndikhoza kumuitananso, koma tidzalemba papepala kutalika kwake, mbali zopaka pulasitala, mawilibala angati pa thumba, wolipira madzi ndani, alamu n'kusainira. Chipinda cha ana chija akuti adzakonza ndikagula matumba ena anayi, ndipo mwezi watha ndikumudikira.