Sola ya "usiku wonse" yomwe imathima nkhani za 8 koloko zisanathe

Ndinagula sola iyi m'mwezi wa Malichi pa sitolo ina m'tauni mwa Mzuzu muno, K480,000. Pachikwangwani chawo analemba kuti panelo ndi ya mawati 200, batire ndi ya 100Ah, ndipo imayatsa wailesi ya kanema ndi mababu anayi usiku wonse. Pano ndi Okutobala, miyezi isanu ndi iwiri yatha, ndipo ndikufuna ndalama zanga.

Sabata yoyamba inkatipatsa maola anayi. Nditakadandaula, mnyamata wa m'sitolomo anati, "Bambo, ndi mitambo ya Mzuzu imeneyo, dikirani dzuwa." Ndinamumvera, poti kwathu ku Chibavi mvula imawaza mpaka Meyi, ndipo Juni ndi Julayi kumacha ndi nkhungu. Ndiye ndinadikira. Lero dzuwa likuswa mtengo, koma ola limodzi ndi theka basi, kontolola, kachipangizo koyang'anira batire, yayamba kulira, nyumba yonse bii!

Mlamu wanga amakonza za magetsi ku Luwinga, ndi amene ananditsegula m'maso. Kanema wathu amadya mawati 40, mababu anayi mawati 20, zonse pamodzi 60. Batire ya mavoti 12 ya 100Ah imasunga mphamvu yokwana mawati 1,200 kwa ola limodzi. Ngakhale mutamagwiritsa theka lokha, monga amalangizira kuti batire isafe msanga, muyenera kuona maola pafupifupi khumi.

Kenako anati batireyo tikaiyeze kulemera. Ndinaseka, koma tinainyamula pa kabaza mpaka kwa ogula chimanga amene ali ndi sikelo. Inakwana makilogalamu 14. Batire yeniyeni ya mtovu ya 100Ah imalemera pafupifupi makilogalamu 30, chifukwa mphamvuyo imakhala mu mtovuwo. Chibokosi n'chachikulu ndithu, chokongola, koma m'kati muli theka. Ndinakumbuka kuti tsiku logula ndinainyamula ndi dzanja limodzi n'kumayamikira kuti za masiku ano n'zopepuka. Manyazi ake!

Panelo nayo chimodzimodzi. Masana dzuwa lili paliwombo, mita ya mlamu wanga inaonetsa maampu asanu ndi theka, pamene chomata cha kumbuyo chikunena 11. Ndi panelo ya mawati 100 yovekedwa dzina la mkulu wake. Ndipo poti batire yaing'onoyo inkatheratu usiku uliwonse, pano yafookeratu.

Mababu okha ndi abwino, sindinganame.

Inu eni sitolo, mwandiuza kawiri kuti katundu akatuluka sabwezedwa, kenako mukuti mundisinthire batire ndiwonjezere ndalama. Ayi. Sindikudandaula za katundu amene wawonongeka m'manja mwanga, ndikunena kuti chimene munalemba si chimene munandipatsa. Lisiti ndili nalo, chithunzi cha chikwangwani chija ndinajambula, cha sikelo chiliponso. Sola yanu ndaimasula kale padenga, ili m'katoni. Lolemba ndikubwera nayo kuti mundibwezere K480,000 yonse, ndipo mukakana ndikatula nkhaniyi ku CFTC, bungwe loona za chilungamo pa malonda.