Oimbiridwa sakundimva koma mawu ojambula akumveka: kuyeretsa kabowo ka maiki kapena kuzimitsa chochepetsa phokoso?

Foni ikamajambula mawu bwinobwino koma munthu amene mukulankhula naye n'kumadandaula kuti mukumveka patali kapena kuti mawu anu akudukaduka, malangizo amene anthu amapatsana kawirikawiri ndi awiri. Ena amati yeretsani kabowo ka maiki, pomwe ena amati kabowoko kalibe mlandu popeza kujambula kukutheka, choncho zimitsani chochepetsa phokoso. Gulu lachiwirili limaoneka ngati lili ndi mfundo yamphamvu, koma mfundoyo imagwa tikaona mmene foni imagwiritsira ntchito maiki ake.

Mafoni ambiri a masiku ano ali ndi maiki osachepera awiri. Yaikulu ili mmunsi, pafupi ndi polowetsera tchaja, ndipo ndi imene imayandikira pakamwa foni ikakhala pakhutu. Yachiwiri imakhala pamwamba kapena kumbuyo pafupi ndi kamera. Poimba, foni imayerekeza zimene maiki awiriwa akumva. Mawu amene akumveka kwambiri mmunsi kuposa pamwamba imawatenga kuti ndi a mwini foni, ndipo amene akufika mofanana konsekonse, monga kulira kwa minibasi kapena mphepo, imawatenga kuti ndi phokoso n'kuwachepetsa. Tsono kabowo ka mmunsi kakatsekeka pang'ono ndi fumbi, mawu anu amafika ofooka, kusiyana kwa maiki awiriwo kumachepa, ndipo foni imayamba kufafaniza mawu anu omwe poganiza kuti ndi phokoso. Pulogalamu yojambulira mawu nthawi zambiri siichita kuyerekeza kotereku. Imangotenga zimene zafika, mwinanso n'kuzikweza, ndipo pa mafoni ena imatenga mawu kuchokera ku maiki onse awiri. Ichi ndi chifukwa chake kumveka bwino kwa mawu ojambula si umboni wakuti kabowo n'kotseguka.

Tiyambe ndi kuyeretsa. Ubwino wake ndi wakuti kumachotsa gwero la vuto, sikufuna ndalama, ndiponso n'kotheka pa foni ya mtundu uliwonse. Choyamba vulani kava ya foniyo, chifukwa makava ambiri otsika mtengo ali ndi mabowo osalingana ndi a foni, ndipo ena amatsekeratu maiki ya pamwamba imene eni ake sadziwa n'komwe kuti ilipo. Kenaka zimitsani foni, unikani kabowo ndi tochi, ndipo mukaloze pansi pamene mukukapukuta mopepuka ndi mswachi wofewa, wouma, kuti zinyalala zigwere panja. Ulusi wa m'thumba wosakanikirana ndi thukuta umauma n'kukhala kachitseko kolimba, ndipo umafunika kupukuta kangapo. Kuipa kwa njirayi kuli pa dzanja la woyeretsa. Kabowoka n'kakang'ono, pafupifupi milimita imodzi, ndipo mkati mwake muli kansefa kopyapyala koteteza ku fumbi ndi madzi. Singano kapena kachitsulo kotulutsira simu khadi, kamene anthu ambiri amakathamangira chifukwa kamalowa bwino, kakhoza kuboola kansefako kapena kukankhira zinyalala mkati. Kupopera mpweya wamphamvu nakonso kungathe kung'amba kachikopa ka maiki, ndipo kuuzira ndi pakamwa kumalowetsa chinyezi. Vuto la mswachi likatero limasanduka la mmisiri wokonza mafoni.

Kuzimitsa chochepetsa phokoso kulibe chiopsezo chotere, chifukwa zikapanda kuthandiza mumangoyatsanso. Chovuta chake n'chakuti si foni iliyonse imene imapereka mwayiwu. Pa iPhone 12 ndi ena akale, batani lake limapezeka mu Settings, pa Accessibility, kenaka Audio/Visual, ndipo limatchedwa Phone Noise Cancellation, koma kuyambira pa iPhone 13 batani limeneli palibe. Chimene chilipo, kuyambira pa iOS 16.4 ya chaka cha 2023, ndi kusankha pakati pa Standard ndi Voice Isolation, imene imachepetsa phokoso lokuzungulirani, pamene muli kale pa foni, kudzera mu Control Center. Pa mafoni a Android dzina ndi malo zimasiyana malinga ndi wopanga. Ena amalemba Noise reduction mu Settings ya pulogalamu yoimbira, mafoni ena atsopano a Samsung ali ndi Voice focus pansi pa Mic mode, ndipo ambiri sapereka batani lililonse. Ngakhale batanilo likhalepo, kulizimitsa kuli ndi mtengo wake: amene mukulankhula naye adzamva phokoso lonse la pamsika pamodzi ndi mawu anu, amene akhalabe ofooka ngati kabowo sikanayeretsedwe. Maganizo anga ndi akuti njirayi ndi yabwino pofufuza vuto kusiyana ndi pochiza. Imakhala mankhwala enieni pokhapokha vuto likayamba foni itangolandira pulogalamu yatsopano, kapena maiki ya pamwamba ikawonongeka n'kumasokoneza kuyerekeza kuja.

Tiyerekeze munthu wogwira ntchito pachigayo, amene foni yake imakhala m'thumba la malaya tsiku lonse pakati pa fumbi la ufa. Makasitomala akuti sakumumva, koma mawu amene amatumiza pa WhatsApp akumveka. Aimbire mnzake, foni ili pakhutu, ndipo awerenge kuchokera pa 1 mpaka 10, kenaka ayatse sipika yaikulu n'kuwerenganso. Ngati mnzakeyo wamva bwino ulendo wachiwiri wokha, chikaiko chigwere pa maiki ya mmunsi, popeza mafoni ambiri amasintha kagwiritsidwe ntchito ka maiki sipika yaikulu ikayatsidwa. Kenaka alumikize mahedifoni okhala ndi maiki yawoyawo. Akamveka bwino pamenepo, ndiye kuti netiweki ndi simu khadi zilibe mlandu, ndipo vuto lili pa maiki a foniyo kapena pa kuyerekeza kwawo. Kuyesa komaliza ndi kwa chojambulira chomwe chija, koma mosamalirapo: ajambule akulankhula motsitsa pafupi ndi kabowo ka mmunsi, kenaka atseke kabowo ka pamwamba ndi chala n'kubwereza. Mawu akazilala kwambiri chala chili pamenepo, zikusonyeza kuti maiki ya pamwamba ndi imene inkathandiza kuti ojambulawo azimveka. Munthu ameneyu afunika mswachi, osati kufufuza mabatani.

Zotsatira zikakhala zosiyana, chigamulo nachonso chimasintha. Ngati maiki ya mmunsi ikujambula mawu omveka bwino payokha, koma poimba mawu akungoyamba bwino n'kuzimiririka patapita masekondi angapo, ndiye kuti chochepetsa phokoso chikufafaniza molakwika, ndipo kuchizimitsa, kapena kuyeretsa kabowo ka pamwamba, n'kumene kungathandize. Ngati ngakhale ndi mahedifoni simukumveka, njira ziwiri zonsezi n'zopanda ntchito. Pamenepo zimitsani Bluetooth, chifukwa foni ikhoza kukhala yolumikizana ndi chipangizo china chimene chatenga mawu anu, yesani kuzimitsa VoLTE, imene ndi njira yoimbira kudzera pa netiweki ya 4G, kapena ikani simu khadi mu foni ina. Kuyatsa foni ya Android mu Safe mode, imene imatseka kaye mapulogalamu amene munaikamo nokha, kumaonetsanso ngati pali pulogalamu ina, monga yojambula zokambirana za pa foni, imene ikulanda maiki.

Pamene kabowo kayeretsedwa, kava yavulidwa, batani layesedwa, koma mahedifoni okha ndiwo akugwirabe ntchito, chatsala ndi kupita kwa mmisiri. Pa mafoni ambiri a Android maiki ya mmunsi imakhala pa kabolodi kamodzi ndi polowetsera tchaja, kamene kamasinthidwa pakokha, choncho musavomere kusinthitsa bolodi yaikulu mmisiriyo asanayese kaye kabolodi kameneka.