Thumba la indekisi kapena la manijala: muziyamba mwafunsa ndalama zimene amadula chaka chilichonse

Anthu amene atolera kandalama muno mu Zomba, kaya ndi mphunzitsi wa ku yunivesite, namwino wa pachipatala chachikulu kapena msilikali wa ku Cobbe amene wangolandira zake zopumira pantchito, amafunsa funso limodzimodzi: ndiike m'thumba liti? Ambiri amafika atagwira kale kapepala kokongola kosonyeza phindu la chaka chatha. Phindu la chaka chatha si limene muyenera kuyamba kuona. Muyambe ndi ndalama zimene mwini thumba amadula, chifukwa phindu limabwera n'kupita, koma zodulazo sizidumpha chaka.

Kusiyana kwa matumba awiriwa n'kosavuta. Thumba la indekisi limagula masheya onse amene ali pa mndandanda wa msika, monga makampani 500 a S&P 500 ku America, n'kungowasunga. Palibe wosankha, choncho ntchito ndi yochepa ndipo malipiro ndi ochepa. Thumba la manijala lili ndi akatswiri amene amasankha kuti sheya iyi tigule, iyi tigulitse, pofuna kuposa msika. Akatswiriwo amalipidwa ndi inu, kaya auposa msikawo kaya alephera.

Tiyeni tiwerenge ndi manambala. Awa ndi ongoyerekeza, si a kampani iliyonse, koma ali pamlingo umene munthu angakumane nawo. Mayi wina wa ku Matawale ali ndi K5,000,000 ndipo akufuna kuzisiya zaka 20 osazikhudza. Tinene kuti msika ukukula ndi 15 peresenti pachaka, pamodzi ndi madividendi, phindu limene makampani amagawira eni masheya. Thumba la indekisi likudula 0.5 peresenti pachaka. Thumba la manijala likudula 3 peresenti polowa, kenako 2.5 peresenti pachaka.

Tsiku loyamba lenilenilo, thumba la manijala latenga kale K150,000, ndiye ndalama zimene zayamba kugwira ntchito ndi K4,850,000. Pakutha pa chaka choyamba, la indekisi lili ndi K5,725,000, la manijala lili ndi K5,456,250. Kusiyana kwake sikukufika ndi K270,000 yomwe, ndipo mayiwo sangadandaule, chifukwa sitetimenti ikuonetsa kuti ndalama zakwera. Pa zaka 10, la indekisi lafika pafupifupi K19.4 miliyoni, linalo K15.7 miliyoni. Pa zaka 20, la indekisi lili pa K75 miliyoni, la manijala pa K51 miliyoni. Ndalama zokwana pafupifupi K24 miliyoni zapita, kuposa kanayi zimene mayiwo anaika poyamba, ndipo palibe tsiku limene anaona wina akuzichotsa.

Amene ali ndi kompyuta ayese yekha mu Excel, n'kusintha manambalawo ndi a kapepala kamene wapatsidwa:

```
=5000000*(1+0.15-0.005)^20
=5000000*0.97*(1+0.15-0.025)^20
```

Chimene chimandiwawa pa 2.5 peresenti imeneyi ndi mmene imatchulidwira. Wogulitsa amaitchula ngati kanthu kochepa, ndipo womva amaganiza kuti ikudulidwa pa phindu. Ayi ndithu. Imadulidwa pa ndalama zonse zimene zili m'thumba, zanu zoyamba zija pamodzi ndi phindu lonse limene launjikana. Thumba likakula, nayonso imakula. Chaka chimene msika wagwa ndi 10 peresenti, imadulidwabe, ndipo inu mumagwa ndi 12.5. Komanso siilembedwa pa sitetimenti ngati ndalama yotuluka. Imachotsedwa pang'onopang'ono mkati mwa thumba asanawerengetse mtengo wa yuniti, kagawo ka thumba kamene mumagula, ndiye mtengo umene mukuuona ndi wodulidwa kale. Zili ngati nankafumbwe m'chimanga: thumba likuoneka lodzadza, losokedwa bwino, koma mukadzalitsegula m'mwezi wa Febuluwale mupeza ufa wokhawokha pansi. Ndipo kwacha iliyonse imene yadulidwa chaka chino ndi kwacha imene sidzabala m'zaka 19 zotsalazo. N'chifukwa chake kusiyana kumene kunali kochepa chaka choyamba kumafika mamiliyoni kumapeto.

Kuno kwathu nkhaniyi imakula chifukwa cha kukwera mitengo kwa zinthu. Ngati msika wapereka 15 peresenti koma mitengo yakwera ndi 10, phindu lenileni ndi pafupifupi 5 basi. Pa 5 ameneyo, manijala watenga 2.5, theka lathunthu, pamene ndalama ndi zanu ndipo zikatayika wolira ndi inu. M'zaka ngati 2023 ndi 2024, pamene mitengo imakwera kuposa 20 peresenti, ndipo kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba limatha kuonetsa manambala akuluakulu pamene mphamvu yogulira zinthu yatsika.

Manijala adzakuuzani kuti iye amaposa msika, choncho malipirowo amadzibweza okha. M'chitsanzo chathu, kuti angofanana ndi thumba la indekisi, ayenera kupeza pafupifupi 17.2 peresenti pachaka pamene msika ukupereka 15, ndipo achite zimenezi kwa zaka 20. Alipo amene amatha chaka chimodzi, ziwiri, ngakhale zisanu. Vuto ndi lakuti simungamudziwe lero amene adzathe zaka 20. William Sharpe, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1990, anafotokoza chifukwa chake mu 1991 ndi masamu a kupulayimale. Onse ogula masheya mukawaphatikiza, ndiwo msikawo. Otsata indekisi amapeza zimene msika wapeza. Ndiye otsalawo, osankha masheya, nawonso pamodzi ayenera kupeza zomwezo, popeza wina akapambana ndiye kuti wina waluza. Mukachotsa malipiro, gulu lodula zambiri liyenera kutsalira. Malipoti a SPIVA, amene S&P yakhala ikutulutsa kuyambira 2002, amagwirizana nazo: pa zaka 15, pafupifupi matumba 9 mwa 10 a mamanijala ogula makampani akuluakulu a ku America amatsalira kumbuyo kwa S&P 500.

Mpikisano wa Warren Buffett ndi wofunika kuudziwa chifukwa unayamba moipira indekisi. Anabetcha madola 1 miliyoni ndi kampani ya Protégé Partners kuti kuyambira 2008 mpaka 2017 thumba wamba la S&P 500 lidzaposa matumba asanu osankhidwa ndi akatswiri. Mu 2008 msika unagwa ndi 37 peresenti, ndipo matumba onse asanu anagwa pang'ono poyerekeza ndi indekisi. Amene akanaweruza chaka chimenecho akanati akatswiri apambana. Pakutha pa zaka khumi, indekisi inali itakwera ndi 125.8 peresenti. Mwa asanuwo, lochita bwino koposa linakwera ndi 87.7, lotsiriza ndi 2.8 yokha.

Pa nkhani ya kugona tulo msika ukagwa, palibe thumba la masheya limene lingakutetezeni, ndipo la indekisi limagwa ndendende ndi msika.

Tsopano malire a zonsezi, chifukwa Blantyre si New York. John Bogle atayambitsa thumba loyamba la indekisi la anthu wamba ku Vanguard mu 1976, anali pamsika wa makampani mazanamazana, pamene sheya imagulidwa ndi kugulitsidwa mphindi iliyonse. Pa msika wathu wa masheya, Malawi Stock Exchange, pali makampani osakwana 20, ndipo gawo lalikulu la MASI, indekisi ya msikawu, ndi mabanki ndi makampani ena a zachuma. Wotsata MASI ndiye kuti ndalama zake zambiri zatsamira gawo limodzi, ndipo mabanki akatsokomola iye amadwala. Masheya ena amatha masiku osagulidwa, moti kugula onse pamlingo wake n'kovuta ndipo kumakweza mtengo. Pamsika wotere manijala wodziwa ntchito ali ndi mpata weniweni, ndipo manambala a ku America sitingangowanyamula n'kuwaika pano. Matumba amene amagulitsidwa kuno ambiri ndi a mamanijala. A indekisi otchipa ali kunja, monga Satrix 40 wa ku Johannesburg amene anayamba mu 2000, koma kutumiza ndalama kunja kukagula masheya kumayendera malamulo a Reserve Bank okhudza ndalama zakunja, si nkhani yongodina pafoni.

Komabe masamu a Sharpe sasintha chifukwa msika ndi waung'ono. Ndipo msika waung'ono uli ndi msampha wake: manijala amene ali ndi makampani ochepa oti asankhepo amatha kugula pafupifupi onse, pamlingo wofanana ndi wa MASI, n'kumakulipiritsani ngati wosankha mwaluso. Izi zimaoneka mosavuta. Pemphani mndandanda wa masheya khumi akuluakulu a m'thumbalo, muuyerekeze ndi makampani akuluakulu a pamsika. Ngati mayina ndi milingo zikufanana, mukugula indekisi pamtengo wa manijala. Munthu wotero angachite bwino kutsegula akaunti kwa buloka, amene amagulira ndi kugulitsira anthu masheya, n'kugula yekha masheya a makampani asanu ndi atatu kapena khumi a magawo osiyana, banki, mafoni, shuga, nyumba, n'kuwasunga. Amalipira komishoni pogula ndi pogulitsa, koma palibe womudula pa ndalama zonse chaka ndi chaka.

Musanasaine, funsani nambala imodzi yophatikiza zonse zodulidwa pachaka. Pamapepala ambiri imalembedwa kuti TER, ndipo imakhala yokulirapo kuposa malipiro a manijala okha, chifukwa mumalowanso osunga masheya ndi owerengera mabuku. Funsani za polowa ndi potuluka. Ngati pali malipiro ena a manijala akachita bwino, funsani kuti akudziyeza ndi chiyani. Apa m'pamene anthu ambiri amapusitsidwa: thumba limawerengera phindu lake pamodzi ndi madividendi, koma n'kudziyerekeza ndi indekisi yongoona mitengo ya masheya, yopanda madividendi. Potero limaoneka kuti laposa msika pamene silinaupose. Ndipo musalole kuti thumba losakaniza masheya ndi ngongole za boma liyerekezedwe ndi MASI m'chaka chimene masheya agwa, chifukwa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mupemphe zotsatira za zaka 5 ndi 10, zodulidwa kale malipiro onse, zolembedwa papepala.

Ine mbali yanga ndi ya indekisi, ndipo kumene thumba lotchipa lotsata msika waukulu likupezeka, sindiona chifukwa cholipirira manijala kasanu. Kuno, kumene nthawi zambiri kusankha kuli pakati pa manijala uyu ndi uyo, tengani wodula zochepa amene wavomera kukuonetsani manambala a zaka khumi. Mafunso omwewa mukawafunsenso kuntchito za penshoni yanu, kumene 10 peresenti ya abwana ndi 5 yanu zimalowa mwezi ndi mwezi kwa zaka 30, chifukwa nakonso kuli manijala amene akudula gawo lake chaka chilichonse.