Zithunzi za RAW mahandiredi, JPEG ikufunika mawa: pulogalamu iti yosaononga kuwala?

Mwezi wathawu ndinajambula ukwati ku Katoto mu Mzuzu, ndipo ndinabwera kunyumba ndi mafayilo a RAW 640 a mu Nikon yanga, omwe amatchedwa NEF. Ankhoswe ankafuna zithunzi Lolemba, abale a ku Lilongwe asananyamuke. Pofulumira, ndinakonza chithunzi chimodzi cha mkwatibwi, n'kuchiwonjezera kuwala ndi +1, kenako ndinakopera zomwezo pa zonse 640. M'mawa nditatsegula foda mtima unagwa. Mkwatibwi anatuluka bwino, koma pa zithunzi za mkwati khoma la tchalitchi linapsa mbuu, suti yakuda ija n'kuoneka yotuwa ngati ya pakaunjika.

Chinachitika n'chiyani? Mu tchalitchi kuwala sikunasinthe m'mawa wonse. Chimene chinkasintha ndi kamera, chifukwa ndinaiika pa A, pa f/4 ndi ISO 1600, shata ikusankha yokha. Ikaona diresi loyera imaganiza kuti kwawala kwambiri, n'kuthamangira ku 1/250, nkhope n'kuda. Ikaona suti yakuda imatsikira ku 1/60. Poyenera panali pa 1/125. Ndiye chithunzi cha mkwatibwi chinkaperewera sitopu imodzi, kutanthauza kuti chinalandira theka la kuwala koyenera, cha mkwati chinali nayo kale yoposera, ndipo +1 wanga uja anangothira mafuta pamoto. Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikuyesa njira zinayi pa foda yomweyi.

Yofulumira kuposa zonse sitembenuza RAW n'komwe. M'kati mwa fayilo iliyonse kamera imasungamo JPEG yake, yomwe mumaiona kuseri kwa kamera mukangojambula, ndipo ExifTool imaitulutsa:

```
exiftool -b -JpgFromRaw -w .jpg -ext NEF .
```

Pa mafayilo a CR2 a Canon lembani PreviewImage m'malo mwa JpgFromRaw. Ngakhale laputopu yokalamba imamaliza izi madzi a tiyi asanawire. Koma zimatuluka monga momwe kamera inalakwitsira, chakuda chakudabe. Pa makamera akale a Sony JPEG yam'katiyo ndi yaing'ono, 1616 kwa 1080, yosakwana kuchapitsa chachikulu, komanso zithunzi zoimirira nthawi zina zimatuluka zogona. Ine ndimaigwiritsa ntchito potumizira eni ukwati pa WhatsApp kuti asankhe zomwe akufuna, basi.

Yachiwiri ndi pulogalamu ya mwini kamera, NX Studio ya Nikon kapena Digital Photo Professional ya Canon, zonse zaulere. Izi zili ndi mphamvu imene ena alibe, zimamva zonse zimene munatchera mu kamera. Ngati pa Nikon munasiya Active D-Lighting yoyaka, kamera nthawi zambiri imachepetsa dala kuwala pojambula kuti zoyera zisapse, kenako imadzutsa mithunzi popanga JPEG. NX Studio imadziwa zimenezi ndipo imadzutsanso mithunziyo. Lightroom sidziwa, n'chifukwa chake mumaona chithunzi chikutseguka chowala bwino, pakangopita mphindi n'kuda pamaso panu. Anzanga ambiri amati fayilo yawonongeka. Siinawonongeke, pulogalamuyo yangosiya kuonetsa JPEG yam'kati ija n'kuyamba kuwerenga RAW yeniyeni. Vuto la NX Studio ndi Digital Photo Professional ndi ulesi. Pa laputopu yanga ndimayenera kuisiya usiku, ndipo magetsi akathima batire n'kutha, m'mawa n'kuyamba kuwerenga kuti yafika pati.

Pa vuto langa la mu tchalitchi, Lightroom Classic ndiyo ili ndi mankhwala enieni, ngakhale ambiri sawadziwa. Tinazolowera Sync ndi Auto. Sync imaika nambala imodzi pa zonse, zomwe zinandipweteka zija. Auto imayeza chithunzi chilichonse pachokha, ndiye ziwiri zojambulidwa motsatizana zimasiyana, khungu la munthu mmodzi kuno lowala uko lakuda, ndipo mu alubamu zimaonekeratu. Chofunika ndi Match Total Exposures, chomwe chili pa Settings mukakhala mu Develop. Mukonze chithunzi chimodzi mpaka nkhope ikhale bwino diresi lisanapse, musankhe zinzake zonse za malo omwewo, chokonzedwacho chikhale chomwe chili poonekera, kenako dinani. Pulogalamu imawerenga shata, kabowo ka lenzi ndi ISO za fayilo iliyonse n'kuwerengetsera kusiyana. Nditatenga cha 1/125 ngati muyezo, za 1/250 zinalandira +1, za 1/60 zinalandira pafupifupi -1, khoma la tchalitchi n'kukhala lofanana kuyambira polowa mpaka posainira.

Koma samalani, chidachi sichiona chithunzi, chimangowerenga manambala. Mukasakanizamo za panja, zomwe munajambula pa ISO 200 ndi shata ya 1/1000, chidzazikankha mpaka ziyere ngati pepala. Za fulashi ya TTL, yosankha yokha mphamvu yake, nazo zimachisokoneza, poti mphamvu ya fulashi siili m'manambala atatu aja. Ndipo nyengo ya kuno mukuidziwa, chifunga m'mawa, dzuwa n'kutulukira, pakapita kanthawi kamvula kowaza. Panja kuwala kumasintha kwenikweni, choncho pamenepo kamera ikasintha shata imakhala ikulondola, musailimbane nayo. Chotsala ndi mtengo. Lightroom ndi yolipira mwezi ndi mwezi pa khadi, ndalama zakunja, ndipo imafuna intaneti nthawi ndi nthawi kuti itsimikize kuti mwalipira. Amene amajambula ukwati umodzi pa miyezi iwiri aziganizire bwino.

Kwa amene alibe ndalamazo kuli RawTherapee ndi darktable. Pa ntchito ya zambirimbiri ine ndimakonda RawTherapee chifukwa cha Auto-Matched Tone Curve. Imayang'ana JPEG yam'kati ija n'kutengera kawalidwe kake, ndiye mumayambira pafupi ndi zimene munaona pa kamera, osati chithunzi chozizira chopanda moyo. Mukakonza chimodzi mumasunga ngati fayilo ya pp3, n'kuithira pa foda yonse:

```
rawtherapee-cli -o jpg/ -p panja.pp3 -j90 -c panja/
```

Onetsetsani kuti foda ya jpg mwaipanga kale ndipo -c ili kumapeto. Darktable imafuna kuiphunzira kaye, ndipo imayamba yaika kale +0.7 EV pa chithunzi chilichonse, zomwe zimadabwitsa obwera kumene. Komabe ili ndi chinthu chimene chinandipulumutsa, imatha kupatula zithunzi potengera shata kapena ISO. Ndinasonkhanitsa za mu tchalitchi za 1/250 n'kuziwonjezera sitopu, za 1/60 n'kuzichotsera. Ndi ntchito yomwe Lightroom imachita podina kamodzi, kuno inanditengera theka la ola, koma zotsatira zake sizinasiyane.

Pulogalamu iliyonse mungasankhe, yambani mwagawa mafoda potengera kuwala. Anga anakhala anayi: tchalitchi, panja pa chifunga, panja pa dzuwa, ndi holo usiku ndi fulashi. Pa foda iliyonse tembenuzani kaye zithunzi khumi, muyatse chenjezo losonyeza malo opsa, muone ngati nsalu ya diresi ikuonekabe maluwa ake. Kutsitsa sitopu imodzi RAW imalola kawirikawiri, koma pomwe panapseratu pamatuluka potuwa popanda kanthu. Kukweza za ISO 1600 kupitirira masitopu awiri kumadzutsa timadontho ngati mchenga pa masaya ndi pa suti. Potulutsa sankhani sRGB, chifukwa Adobe RGB imaoneka yofwifwa pa mafoni ena ndi pa makina ena ochapira zithunzi.

Loweruka likubwerali ndili ndi chinkhoswe ku Luwinga. Tikangolowa m'nyumba, kamera ndiika pa M, shata ndisankhe ndekha.