Gemu ya kabaza ya mu Zomba: njira zitatu zogwirira wosewera m'mphindi 10 zoyamba

Munthu akatsitsa gemu pafoni, bandulo yake yapita kale, ndipo chala chake sichikhala patali ndi batani lofufutira. Chimene chimamugwira ndi mkombero wa gemuyo, tinthu tochepa timene azichita mobwerezabwereza: achite kanthu, aone zotsatira zake, alandire kenakake, afune kuchitanso. Pali njira zitatu zimene opanga magemu aang'ono amakonda kutsata pomanga mkomberowu. Kuti tiziyerekeze bwino, tiyeni tonse tigwire gemu imodzi: wosewera ndi wakabaza wa njinga yakapalasa mu Zomba, akunyamula anthu pamsika, akuzemba maenje, maminibasi ndi oyenda pansi. Mabatani ndi awiri okha, kumanzere ndi kumanja.

Njira yoyamba ndi yothamanga mpaka kugwa. Njinga ikuyenda yokha, ukagunda chinthu zathera pomwepo, uyambirenso. Ndi mmene zimayendera mu Temple Run ya 2011, Subway Surfers ya 2012 ndi Flappy Bird imene Dong Nguyen wa ku Vietnam anatulutsa mu 2013. Ubwino wake ndi woti palibe chofotokozera. M'masekondi 5 munthu wadziwa kale chochita, ndipo mphoto yake ndi nambala ya mapointi imene akufuna kuiposa.

Njirayi imadalira kwambiri nthawi ya pakati pa kugwa ndi kuyambiranso. Ikapitirira sekondi imodzi kapena awiri, ukali uja woti "imani ndiyesenso" umazirala. Super Meat Boy ya 2010 ndi yovuta koopsa, koma anthu amapirira chifukwa ukafa umangopezeka wayambiranso pompo. Mu Godot, pulogalamu yopangira magemu, mzere woyambitsiranso ndi waufupi:

```
get_tree().reload_current_scene()
```

Koma ngati msewu wanu uli ndi zithunzi zambiri, mzerewu umachedwa pafoni yotchipa, ndiye ndi bwino kungobweza njinga poyambira n'kufufuta mapointi osatsegulanso zonse. Ndipo musaike chotsatsa malonda pakugwa koyamba. Ameneyo sabweranso.

Vuto la njirayi limaoneka cha pa mphindi 4 kapena 5. Wosewera waona zonse zimene gemu ili nazo, ndipo chimene chatsala ndi luso la zala zake. Ngati lusolo likukula, akhala. Ngati akungogwera pamodzimodzi, atopa. Palinso nkhani ya mafoni athu: ambiri amachedwa pang'ono kumva chala, choncho gemu yofuna kudina pa nthawi yeniyeni imapha munthu wosalakwa. Mukamva woyesa gemu yanu akuti "koma ndinadina!", dziwani kuti mlandu akuupereka kwa gemu, osati kwa iye mwini, ndipo munthu wotero sayesanso. Mankhwala ake ndi kuchepetsa kabokosi kosaoneka kamene kamazindikira kugundana, kakhale kakang'ono kuposa chithunzi cha njinga. Kupulumuka mwa mwayi kumakoma kuposa kufa mosadziwa chifukwa.

Njira yachiwiri ndi ya malevulo okonzedwa ndi manja, iliyonse ikuphunzitsa chinthu chimodzi. Chitsanzo chimene aliyense amatchula ndi World 1-1, levulo yoyamba ya Super Mario Bros. ya 1985. Mario waima kumanzere, malo onse opanda kanthu ali kumanja, ndiye umangodziwa kolowera. Mdani woyamba akubwera pang'onopang'ono pamalo osalala, ndipo njira yomupitirira ndi kudumpha basi. Bowa woyamba akatuluka m'bokosi amakagunda paipi n'kubwerera kwa iwe, moti ngakhale ukumuopa amakupeza, n'kuzindikira kuti ndi wabwino. Palibe mawu olembedwa okuuza zochita.

Mu gemu yathu zingakhale chonchi: levulo 1, msewu wopanda kanthu ndi dzenje limodzi lalikulu loonekera patali; levulo 2, maenje awiri otsatizana; levulo 3, minibasi imene imaima mwadzidzidzi kuti ikweze munthu; levulo 4, dzenje ndi minibasi pamodzi. Pa njira zonse zitatu, iyi ndiyo imaphunzitsa bwino kwambiri, palibe mkangano. Koma imadya nthawi ya wopanga. Ngati levulo imatenga masekondi 45, mphindi 10 zikufuna malevulo oposa 10, onse oyesedwa ndi kukonzedwa, ndipo wosewera akawamaliza sabwererakonso. Kwa wophunzira wa pa Chanco amene akupanga yekha usiku pakati pa mayeso ndi kuthima kwa magetsi, imeneyi ndi ngongole yaikulu. Chizindikiro choti yalephera ndi chosavuta kuona: woyesa akamaliza levulo n'kukubwezerani foni akumwetulira, ndiye kuti mapeto a levulo akumupatsa khomo lotulukira m'malo momukokera kutsogolo.

Njira yachitatu ndi imene ndingasankhe pa gemu ngati iyi, ndipo ndikhalitsapo pang'ono. Ulendo waufupi, malipiro, kugula kanthu kowonjezera mphamvu, ulendo wina. Vampire Survivors ya Luca Galante imayenda motere: umatola timiyala, mzere ukadzaza gemu imaima n'kukupatsa zinthu zitatu kapena zinayi kuti usankhepo chimodzi. Mphamvu ya njirayi ili pakusankhako. Munthu amene wasankha yekha mabuleki m'malo mwa belu amafuna kuona ngati wasankha bwino, ndipo kuti aone ayenera kupalasanso.

Apa masamu ndiwo amalamula, ndiye tiwachite. Tinene kuti ulendo wochoka pamsika kukafika ku Chikanda ukutenga masekondi 40, ndipo kulandira ndalama ndi kuyang'ana m'shopu kukutenga masekondi 10. Mkombero umodzi ndi masekondi 50. Mphindi 10 ndi masekondi 600, kutanthauza maulendo 12. Ulendo uliwonse ukulipira makoini 100. M'shopu muli mabuleki a 150, kaliyala yolimba ya 300 ndi matayala atsopano a 500.

Mabuleki agulidwa pambuyo pa ulendo wachiwiri, pa mphindi 1 ndi masekondi 40. Zili bwino. Kaliyala igulidwa pambuyo pa ulendo wachisanu, pa mphindi 4 ndi masekondi 10. Zikadali bwino. Koma matayala afika pa ulendo wa 10, pa mphindi 8 ndi masekondi 20. Pakati apo pali mphindi zoposa 4 zimene munthu akupalasa msewu womwewo popanda chatsopano, ndipo mpamene amayamba kuyang'ana mauthenga a pa WhatsApp. Papepala mitengo 150, 300, 500 imaoneka yokwera mwadongosolo, koma pa wotchi ili ndi chigwa.

Ambiri amathamangira kutsitsa mtengo wa matayala. Ine ndingakonde kuti kaliyala ija itsegule kanthu. Akaigula, patulukire makasitomala a katundu opita ku Chinamwali, olipira 180, koma thumba la makala likupangitsa njinga kuchedwa kukhota. Atagula kaliyala watsala ndi makoini 50, akufunika 450 ena, ndiye ndi maulendo atatu a 180. Ngati ulendowo utalika chimodzimodzi, matayala afika pa ulendo wa 8, pa mphindi 6 ndi masekondi 40. Chigwa chafupika, ndipo chofunika kwambiri, kupalasa kwenikweniko kwasintha. Chogula chimene chimangosintha nambala, monga liwiro kukwera pang'ono, wosewera sachimva m'zala. Chimene chimasintha kaseweredwe amachimva nthawi yomweyo.

Kumapeto kwa mphindi 10 kukhale chinthu chimene akuchiona koma sanachifikire. Njinga yamoto ya makoini 1,500 iziwoneka m'shopu kuyambira pachiyambi, pamodzi ndi msewu wotsekedwa wokwera phiri kupita ku Ku Chawe umene njinga yakapalasa singauthe ndi kasitomala kumbuyo. Minecraft imachita zofanana mwa njira ina: masana ake amatenga pafupifupi mphindi 10, ndiye wosewera watsopano amadula mitengo akudziwa kuti mdima ukubwera ndi zilombo. Ali ndi chifukwa chofulumirira chimene palibe anamulembera pasikirini.

Njira yachitatuyi ili ndi msampha wake, ndipo ndi woipa kuposa ya zinzake chifukwa umabisala. Mphoto zimatha kuphimba gemu yosakoma. Anthu apitiriza kwa kanthawi chifukwa nambala ikukwera, inu n'kumaganiza kuti zatheka. Yesani motere: chotsani shopu, chotsani makoini, musiye njinga ndi msewu. Ngati kuzemba dzenje pakokha sikukoma kwa mphindi 2, bwererani mukakonze kakhotedwe, kulira kwa belu, kugwedezeka kwa sikirini, kukuwa kwa kasitomala mukapulumuka mwa mwayi. Bawo ilibe shopu, koma anthu amakhalira pansi pa mtengo tsiku lonse chifukwa kufesa nkhomo pakokha kumakoma m'manja.

Tikaziika pamodzi pa nkhani ya kulephera, zimasiyana kwambiri. Yoyamba imalanda zonse ukagwa. Yachiwiri imakubweza poyambira levulo. Yachitatu imalola chilango chapakati, ndipo ichi ndicho chimandikopa: ukagunda dzenje, kasitomala akudandaula n'kudula malipiro kuchoka pa 100 kufika pa 70, koma ulendo ukupitirira. Wongoyamba kumene amafikabe ndi kanthu m'thumba, waluso amathamangira 100 yathunthu. Kungoti musaiwale kubwereza masamu aja ndi 70, chifukwa m'mphindi zoyamba ambiri azilandira imeneyo. Pa 70, mabuleki akufika pa ulendo wachitatu, ndipo kaliyala pa wachisanu ndi chiwiri, pafupifupi mphindi 6. Ngati kumeneko n'kuchedwa, tsitsani mabuleki afike pa 120 kuti ngakhale wogundagunda awagule pa ulendo wachiwiri.

Za miyoyo yowerengeka, monga 5 ya mu Candy Crush Saga imene umodzi umabwerera pakatha mphindi 30, ndinene mwachidule: m'mphindi 10 zoyamba isamuthere munthu. Simungauze mlendo kuti adikire asanakonde n'komwe.

Poyesa, musadalire anzanu opanga magemu, ndiponso musafunse kuti "yakoma?", chifukwa kwathu kuno munthu sangakuuzeni pamaso kuti ntchito yanu yamutopetsa. Perekani foni kwa wina amene sanaionepo, kaya ndi wogulitsa mayunitsi kapena mlongo wanu, mutseke pakamwa, muziyang'ana zala ndi nkhope. Gemu izilemba yokha nthawi ya chochitika chilichonse:

```
print("ulendo_watha ", Time.get_ticks_msec() / 1000)
```

Ikani mzere wotere pa kugwa, pa kugula ndi pa kutseka gemu. Anthu asanu akayesa, yang'anani pamene pali mpata wautali wopanda chogula kapena msewu watsopano, muone ngati mpamenenso anasiyira. Ngati atatu mwa asanuwo sanatsegule shopu n'komwe, musakhudze mitengo: shopuyo izitseguka yokha ulendo woyamba ukatha, mabuleki akuwala ndi mtengo wake, kuti aone kuti kwangotsala makoini ochepa.