Za pulazima ku Amereka: zomwe zikwangwani sizinena

Abale anga kumudzi, nkhani yoti kuno munthu angalipire lendi pogulitsa pulazima ichepetseni.

Pulazima ndi madzi achikasu a m'magazi. Amakubayani singano yaikulu pamkono, magazi n'kulowa m'makina omwe amawazunguza mpaka madziwo atapatuka, ndipo maselo ofiira amabwerera m'thupi kudzera pa singano yomweyo. Makinawo amakoka n'kubweza kangapo, pafupifupi ola limodzi. Achipatala amati aferesisi. Lamulo limalola kawiri pa masiku 7, koma osati masiku otsatizana, ndipo wosakwana makilogalamu 50 salandiridwa.

Ndalama yaikulu ya pachikwangwani ndi nyambo ya mwezi woyamba, ndipo imakwanira pokhapokha mukafika maulendo onse omwe anena. Ukatha mweziwo malipiro amatsika. Amawaikanso pa khadi lomwe nthawi zambiri limadula kenakake mukamatapa ndalama pa makina.

Taganizirani munthu wa makilogalamu 60. Ulendo uliwonse amachotsedwa pulazima woposa theka la lita, ndiye kuti pa sabata woposa lita. Afika Lachiwiri, amubaya chala, mapuloteni apezeka osakwana magalamu 6 pa desilita. Abwezedwa wopanda kanthu, ya basi yapita, bonasi ya mwezi yagwa. Mtima ukamagunda koposa 100 pa mphindi, n'chimodzimodzi, choncho musafike mukuthamanga. Choipitsitsa n'chakuti singano ikasuntha, mkono n'kutupa, makina n'kulephera kubweza maselo ofiira opitirira mamililita 200, munthuyo amaimitsidwa masabata 8. Amene anawerengera lendi pamenepo wagwira njakata.

Palinso sitireti, mankhwala oletsa magazi kuundana m'mapaipi. Ena mwa mankhwalawa amalowa m'thupi pamodzi ndi maselo ofiira n'kukamanga kashiamu. Mudzayamba kumva dzanzi pamilomo ndi kunsonga za zala, mkamwa mukumveka ngati mwanyambita chitsulo. Nenani pompo kuti achepetse liwiro la makina. Ena amangoti zii poopa kutaya malipiro, mpaka zala kukungana. Umenewo ndi uchitsiru. Wogwira ntchito woona mtima mudzamudziwa apa: amakuuzani za dzanzili asanakubayeni, ndipo mukadandaula amabwera osanyinyirika.

Mapulateleti, tizidutswa tothandiza magazi kuundana, ndi nkhani ina. Kawirikawiri amaperekedwa mwaulere kumalo osungira magazi, amadya maola awiri kapena atatu, ndipo malire ake ndi ka 24 pa chaka. Munthu wokulira kudziko la malungo amauzidwa kudikira zaka 3 chichokereni kwawoko asanapereke, ndipo amene wamwa asipirini amadikira masiku awiri.

Kogula pulazima amafuna chiphaso chovomerezeka, nambala ya boma yotchedwa Social Security ndi umboni wa komwe mukukhala. Wongofika kumene, yemwe akugona pabalaza pa mnzake, nthawi zambiri amathera pakhomo pomwepo.